Kuwerenga ndalama yobereka ndi mtengo wake wa lero kudzera m'bokosi la banki m'khonde

Ophunzira ambiri a zachuma amene ndakhala nawo pansi amaloweza fomyula ya chiwongola dzanja chobereka n'kukhoza nayo mayeso. Koma mukawapatsa kaundula wa banki m'khonde ya amayi awo kuti anene ngati gululo lapindula kapena ayi, amangoliyang'ana bukulo. Masamu amawadziwa ndithu. Chimene sanazolowere ndi kufunsa mafunso awiri asanagwire kakyuleta: ndalamayi yalowa kapena kutuluka mwezi uti, ndipo mwini wakeyo akanaichita chiyani ikanakhala m'manja mwake? Tiyeni titsate gulu limodzi kuchokera mu Januwale mpaka tsiku logawana mu Disembala, tione mmene mafunso awiriwa amasinthira yankho.

Gulu lathu ndi lachitsanzo chabe, koma likuyenda mmene magulu ambiri amayendera kutsatira njira imene bungwe la CARE linayambitsa ku Niger mu 1991. Muli anthu 20. Sheya imodzi ndi K2,000, ndipo munthu saloledwa kugula masheya oposa asanu pa nkhumano imodzi. Ngongole ili ndi chiwongola dzanja cha 10 peresenti pamwezi, ngakhale magulu ena amaika 20. Ndalama imasungidwa m'bokosi lachitsulo la maloko atatu, makiyi ake ali ndi anthu atatu osiyana. Magulu ambiri amakumana sabata iliyonse, koma lathuli tilipanga lokumana kamodzi pamwezi kuti masamu asatilemere.

Yambani ndi mzere wa miyezi

Musanalembe fomyula iliyonse, jambulani mzere papepala, muugawe m'timagawo, kagawo kalikonse mwezi umodzi. Nkhumano ya mu Januwale muilembe 0, ya mu Febuluwale 1, mpaka ya mu Disembala imene ikhale 11. Ndalama yolowa m'thumba mwa munthu muilembe pamwamba pa mzere, yotuluka muilembe pansi, iliyonse pa mwezi wake.

Onani bwino kuti kuchokera mu Januwale kufika mu Disembala pali miyezi 11 yoti ndalama igwire ntchito, osati 12. Apa ndi pamene ambiri amaphonya. Amawerenga maina a miyezi m'malo mowerenga mipata ya pakati pa nkhumano, ndipo yankho lonse limapotoka ngakhale fomyula ili yolondola.

Tsatani ngongole imodzi mwezi ndi mwezi

Mayi wina wogulitsa tomato ndi anyezi pamsika watenga ngongole ya K50,000 kuti abweze pakatha miyezi itatu. Pali njira ziwiri zimene nkhani yake ingayendere.

Njira yoyamba ndi yakuti pa nkhumano iliyonse amabwera ndi chiwongola dzanja chake, K5,000, n'kuchiika m'mbale pamphasa anthu onse akuona. Mwezi wachitatu amabweretsa K5,000 yomaliza pamodzi ndi K50,000 ija. Zonse pamodzi wapereka K65,000. Ngongole yake sinakule chifukwa chiwongola dzanja chimachoka mwezi womwewo.

Njira yachiwiri ndi yakuti malonda avuta, tomato waola, ndipo mayiyu wabwera chimanjamanja. Mlembi amatsegula kaundula, nkuwonjezera K5,000 ija pangongole, n'kulemba K55,000. Anthu a m'gulu amangoti ngongole yabereka. Mwezi wachiwiri 10 peresenti sikuwerengedwanso pa K50,000 koma pa K55,000, ndiye imakhala K5,500, ngongole n'kufika K60,500. Mwezi wachitatu 10 peresenti ya K60,500 ndi K6,050, ndipo mlembi amalemba K66,550.

Kusiyana kwa njira ziwirizi ndi K1,550. Musathamange kudutsa nambala imeneyi, chifukwa phunziro lonse lagona pomwepa. Dzifunseni kuti yachokera kuti. K5,000 ya mwezi woyamba imene sinaperekedwe yakhala pangongole miyezi iwiri, ndipo yabereka K500 kenako K550, pamodzi K1,050. K5,000 ya mwezi wachiwiri yakhala mwezi umodzi, yabereka K500. Kuphatikiza K1,050 ndi K500 tapeza K1,550 yathu. Ndi ana a chiwongola dzanja amenewa, osati ana a mpamba umene mayi anatenga.

Tsopano fomyula ikhoza kubwera, chifukwa mwaona kale chimene ikufupikitsa. Kuwonjezera 10 peresenti n'chimodzimodzi kuchulukitsa ndi 1.1, ndipo mlembi uja wachita zimenezi katatu motsatizana.

```
FV = PV × (1 + r)^n
FV = 50,000 × 1.1^3 = 50,000 × 1.331 = 66,550
```

PV ndi ndalama ya lero, FV ndi ndalama ya m'tsogolo, r ndi chiwongola dzanja cha nyengo imodzi, n ndi kuchuluka kwa nyengozo. Lamulo losaphwanyika ndi lakuti r ndi n ziziyankhula za nyengo yofanana. Ngati r ndi ya pamwezi, n akhale miyezi.

Pali chinthu china chimene ndimakonda kuonetsa ophunzira apa, chifukwa ambiri amaganiza kuti m'njira yoyamba ija munalibe kubereka. Kwa mayi wa tomato munalibedi, koma kwa bokosi zimatengera chimene gulu lachita ndi ma K5,000 aja. Ngati K5,000 yoyamba inabwerekedwa kwa munthu wina tsiku lomwelo, pofika mwezi wachitatu yakhala K6,050. Yachiwiri yakhala K5,500. Phatikizani ziwirizi ndi K55,000 imene mayi wabweretsa pomaliza, mupeza K66,550 yomwe ija. Choncho kubereka sikudalira kuti wangongole walephera kulipira. Kumadalira kuti chiwongola dzanja chapita kukagwiranso ntchito. Ma K5,000 aja akangogona m'bokosi lokhoma, bokosi limathera pa K65,000. Sungani mfundo imeneyi, tiifunanso.

Sandutsani za pamwezi zikhale za pachaka

Mukafuna kuyerekeza banki m'khonde ndi banki ya m'tauni, imene imanena chiwongola dzanja chake pachaka, musangochulukitsa 10 ndi 12 n'kunena kuti 120 peresenti. Nambala imeneyo ndi ya ndalama yosabereka. Yobereka ndi 1.1 kuchulukitsa kakhumi ndi kawiri, imene ndi 3.138, kutanthauza kuti ndalama yakula ndi pafupifupi 214 peresenti. K50,000 yosiyidwa chaka chathunthu osaikhudza ingafike K156,921, osati K110,000. Pagulu lolipiritsa 20 peresenti ingafike K445,805.

Palibe gulu lanzeru limene lingalole ngongole kukhala chaka chonse chotero, komabe nambalazi zikufotokoza chifukwa chimene munthu wongotsalira miyezi ingapo amapezeka akugulitsa mbuzi kapena malata. Pofuna kuyerekeza mwachangu, gawani 72 ndi chiwongola dzanja, mupeza nthawi imene ndalama imatenga kuti ifike kawiri. Pa 10 peresenti ndi miyezi isanu ndi iwiri ndi masiku pang'ono. Pa 20 peresenti miyezi inayi siikwana.

Bwererani chammbuyo kuti mupeze mtengo wa lero

Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Aliyense amadziwa kuti ndalama ya m'manja iposa ndalama yolonjezedwa. Ntchito ya wophunzira zachuma ndi kunena kuti ikuposa ndi zingati.

Tafika mu Seputembala. Mayi wina wa m'gulu lathu akufuna ndalama ya fizi ya mwana amene wasankhidwa kupita ku sekondale yogonera konko. Munthu wina wa m'mudzimo, wosakhala m'gulu, akumuuza kuti, "Amake mwana, musavutike. Ndikupatsani K85,000 lero, inu mudzandipatse K120,000 tsiku logawana lija." Sanatchule peresenti iliyonse, ndipo akatapila ambiri satchula. Amangotchula nambala ziwiri ndi tsiku.

Choyamba, ikani zonse pa mzere uja. Seputembala ndi 8, Disembala ndi 11, ndiye n ndi 3. Chachiwiri, funsani kuti mayiyu ali ndi njira ina iti yopezera ndalama lero. Ali nayo: angathe kukongola m'bokosi pa 10 peresenti. Imeneyo ndiye r yake. Chachitatu, tengani K120,000 ya mu Disembala muibweze mwezi ndi mwezi. Popita kutsogolo timachulukitsa ndi 1.1, ndiye pobwerera tigawa ndi 1.1. Mu Novembala ndalamayi ikufanana ndi K109,091, mu Okutobala K99,174, mu Seputembala K90,158.

```
PV = FV / (1 + r)^n
PV = 120,000 / 1.331 = 90,158
```

Tanthauzo lake ndi ili. Lonjezo lopereka K120,000 mu Disembala, kwa munthu amene angakongole pa 10 peresenti, likulemera K90,158 lero. Mayiyu akupereka chinthu cholemera K90,158 n'kulandira K85,000, ndiye akutaya K5,158 ya lero.

Nthawi zonse tsimikizani yankho lanu popitanso kutsogolo. Akakongola K85,000 yomweyo m'bokosi, osalipira kalikonse mpaka Disembala, adzabweza 85,000 × 1.331, imene ndi K113,135. Poyerekeza ndi K120,000, wapulumutsa K6,865. Ophunzira ena amasokonezeka apa, amafunsa kuti nanga watayadi K5,158 kapena K6,865. Zonse n'zoona, ndipo ndi ndalama imodzi yomweyo yoimikidwa pa miyezi iwiri yosiyana. Chulukitsani 5,158 ndi 1.331 muone ngati simupeza 6,865. Chimene simuyenera kuchita ndi kuphatikiza kapena kuchotsera ndalama za miyezi yosiyana musanazibweretse pa mwezi umodzi.

Mungafunenso kudziwa chiwongola dzanja chimene wobwereketsa uja wabisa. Gawani 120,000 ndi 85,000, mupeza 1.412. Tsopano funani nambala imene kuichulukitsa katatu imapereka 1.412. Pa 1.12 mupeza 1.405, pa 1.13 mupeza 1.443, ndiye yankho lili pang'ono pamwamba pa 12 peresenti pamwezi, pafupifupi 12.2.

Koma pali malire amene pepala silionetsa. Magulu ambiri amasiya kukongoza nthawi yogawana ikamayandikira kuti ndalama zonse zibwerere, ndipo nthawi zina m'bokosi simukhala ndalama yokwanira aliyense wopempha. Ngati mayiyu sangapeze ngongole m'gulu mwezi umenewo, 10 peresenti si r yake, chifukwa njirayo ndi yotseka. Aziyerekeza ndi njira zimene zilipodi, kaya kugulitsa thumba la chimanga, kaya kukapempha akuluakulu a sukulu kuti alipire pang'onopang'ono.

Pezani chimene bokosi labala, osati chimene malamulo a gulu akunena

Pano ndi pamene ndimaona ngakhale ophunzira akhama akugwa. Amaona 10 peresenti m'malamulo a gulu n'kuitenga ngati phindu la wosunga. Tiyeni tiyese.

Bambo wina wa m'gulu, mlimi wa mtedza, sanajombe. Nkhumano iliyonse kuchokera mu Januwale mpaka mu Novembala amagula masheya asanu, K10,000, ndipo m'kabuku kake muli zidindo 55, chimodzi pa sheya iliyonse, ndalama zokwana K110,000. Kwacha iliyonse ikanamabereka pa 10 peresenti kuyambira tsiku imene yalowa, K10,000 ya mu Januwale ikanachulukitsidwa ndi 1.1 kakhumi ndi kamodzi, ya mu Febuluwale kakhumi, mpaka ya mu Novembala kamodzi kokha. Zonse pamodzi zikanakwana K203,843.

Tsiku logawana lafika. Owerenga ndalama awiri atsanulira zonse pamphasa, aziunjika m'timilu, awerenga mokweza, ndipo mlembi wagawa ndalama yonse ndi chiwerengero cha masheya onse a gulu. Tinene kuti sheya ya K2,000 yatuluka K2,600, kutanthauza kuti yakula ndi 30 peresenti. Bambo wathu walandira 55 × 2,600, imene ndi K143,000. Pakati pa K203,843 ya papepala ndi K143,000 ya m'manja pali K60,843. Palibe amene waba. Kodi yapita kuti?

Kumbukirani ma K5,000 ogona m'bokosi aja. Pali miyezi imene ndalama imachuluka kuposa ofuna ngongole, makamaka anthu akangogulitsa zokolola, ndipo yotsalayo imakhomeredwa osabala kanthu. Miyezi yomalizira gulu silikongoza, limangotolera. Wina amabweza mochedwa gulu n'kumumvera chisoni osamuwonjezera, wina amasowa ndi ngongole yake. Zindapusa za ochedwa ndi ojomba zimawonjezera pang'ono, koma sizikwirira dzenje lonseli. N'chifukwa chake magulu ena amakakamiza membala aliyense kukongola ngakhale alibe chochita nayo ndalamayo. Ine mchitidwe umenewu sindigwirizana nawo, chifukwa umaika pangongole munthu amene anabwera kudzasunga, koma masamu ake mwawaona kumene akuchokera.

Ndiye funso lolondola ndi lakuti: ndi r iti imene ingasandutse ma K10,000 khumi ndi limodzi aja kukhala K143,000? Palibe njira yachidule yoipezera, mumayesa. Pa 4 peresenti zonse zimakwana K140,258, zachepa. Pa 4.5 peresenti zimakwana K144,640, zapitirira. Yankho lili pakati, pafupifupi 4.3 peresenti pamwezi. Ngati muli ndi kompyuta kapena foni yokhala ndi Excel kapena Google Sheets, lembani izi:

```
=RATE(11,-10000,0,143000,1)
```

Chizindikiro chochotsera chili pa 10000 chifukwa ndalamayo ikutuluka m'thumba mwa bamboyu. Nambala 1 ya kumapeto ikuuza makina kuti ndalama imalowa kumayambiriro kwa mwezi uliwonse. Mukaiwala chochotseracho makina amakana kupereka yankho, koma mukaiwala 1 uja amakupatsani yankho looneka bwinobwino koma lolakwa, ndipo kulakwa koteroko n'kovuta kukuzindikira.

Onaninso cholakwa china chotsutsana ndi choyamba chija. Wina angaone 30 peresenti n'kunena kuti bamboyu wapindula 30 peresenti pachaka basi, ndiye 2.5 pamwezi. Kumeneko n'kuchepetsa, chifukwa K110,000 sinakhale m'bokosi chaka chonse. Inalowa pang'onopang'ono, ndipo mwapakatikati kwacha iliyonse inakhalamo miyezi isanu ndi umodzi. Phindu la 4.3 peresenti pamwezi likabereka miyezi 12 limafika pafupifupi 66 peresenti. Nambala zitatu izi, 10 ya m'malamulo, 30 ya tsiku logawana ndi 4.3 ya pamwezi, zonse zikunena za gulu limodzi, ndipo yokhayo imene mungaiyerekeze ndi njira zina zosungira ndalama ndi yachitatuyi.

Yang'anani amene wanyamula mnzake

Pogawana, gulu limawerenga zidindo. Silifunsa kuti chidindo chinadindidwa mwezi uti. Sheya ya mu Januwale ndi sheya ya mu Novembala zonse zimalandira K2,600.

Tengani amayi awiri, aliyense ali ndi masheya 25, K50,000. Woyamba anagula masheya asanu mwezi uliwonse kuchokera mu Januwale mpaka mu Meyi, kenako zinthu zinamuthina n'kusiya. Wachiwiri sanagule kanthu mpaka atagulitsa soya, ndipo anagula masheya asanu mwezi uliwonse kuchokera mu Julayi mpaka mu Novembala. Onse awiri alandira K65,000.

Tsopano kankhirani ndalama ya aliyense kufika mu Disembala pa 4.3 peresenti ija. Ma K10,000 a mayi woyamba akhala m'bokosi miyezi 11, 10, 9, 8 ndi 7, ndipo akukhala K15,890, K15,235, K14,607, K14,005 ndi K13,427. Pamodzi ndi K73,164. A mayi wachiwiri akhalamo miyezi 5, 4, 3, 2 ndi umodzi, ndipo akukhala K12,343, K11,834, K11,346, K10,878 ndi K10,430, pamodzi pafupifupi K56,832. Mukaphatikiza za awiriwa mupeza pafupifupi K130,000, yomwe ndi K65,000 kawiri. Choncho ndalama sinasowe, yangosamuka. Pafupifupi K8,160 imene ndalama ya mayi woyamba inagwirira ntchito yalowa m'chitenje cha mayi wachiwiri.

Mukayang'ana sheya imodzi payokha, kusiyanaku kumaonekera kwambiri. Ya mu Januwale yatenga miyezi 11 kuti ikule ndi 30 peresenti, kumene kuli 2.4 peresenti pamwezi. Ya mu Seputembala yatenga miyezi itatu, 9.1 peresenti pamwezi. Ya mu Novembala yapeza 30 peresenti m'mwezi umodzi, mwinanso osakongozedwa kwa wina aliyense. Apa mumvetsa ntchito yeniyeni ya lamulo la masheya asanu lija. Popanda malire amenewo, munthu wa ndalama akanangodikira nkhumano yomaliza n'kukhuthula K500,000, n'kudya thukuta la anzake onse. Mumvetsanso chifukwa chimene magulu ena amalamula kuti aliyense azigula ngakhale sheya imodzi pa nkhumano iliyonse.

Zimenezi zikutibwezera ku nkhani yosankha r. Kwa membala amene ali ndi K10,000 yapadera mu Seputembala, r yake si 4.3 koma 9.1, chifukwa ndi imene angapeze akagula masheya mwezi umenewo. Koma pa ndalama yoposa K10,000, khomo limenelo ndi lotseka, ndipo r imatsika kufika pa chimene angapeze kwina.

Ndikupempheni chinthu chimodzi. Mukapeza masamu amenewa musathamangire kumudzi kukauza amayi kuti akhala akugawana molakwika zaka zonsezi. Kuwerenga zidindo kuli ndi mphamvu imene fomyula yathu ilibe: gogo amene sanapite kusukulu angathe kuwerenga zidindo zake ndi chala n'kudziwa chimene alandire, ndipo palibe mlembi amene angamupusitse. Kugawa kolingana ndi miyezi n'kolungama papepala, koma kumaika chuma cha anthu 20 m'manja mwa munthu mmodzi wodziwa kakyuleta, ndipo magulu ambiri amatha chifukwa cha kukayikirana kuposa chifukwa cha masamu. Ngati gulu lenilenilo ladandaula za kugula mochedwa, pali njira yapakati imene aliyense angaitsate: sheya iliyonse ipatsidwe mapointi ofanana ndi miyezi imene yakhala m'bokosi, ya mu Januwale 11, ya mu Novembala 1. Aliyense abwezeredwe mpamba wake, ndipo phindu lokha ligawidwe potsata mapointiwo. Kwa amayi awiri aja, woyamba ali ndi mapointi 225, wachiwiri 75, ndiye pa phindu lawo la K30,000 woyamba angatenge K22,500, wachiwiri K7,500. Woyamba apita kwawo ndi K72,500, pafupi kwambiri ndi K73,164 ya fomyula. Koma lamulo lotere ligwirizanidwe mu Januwale, osati kulitulutsa ndalama zili kale pamphasa.

Pomaliza, yezani ndi katundu

Magulu ambiri amagawana mu Disembala chifukwa ndi nthawi ya feteleza, mbewu ndi fizi ya teremu yotsatira. Choncho chimene membala amafuna kudziwa si kuchuluka kwa makwacha koma zimene makwachawo agula. Amene anali m'magulu mu 2023 akukumbukira bwino: mu Novembala chaka chimenecho kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, patangotsala masabata ochepa kuti anthu agawane, ndipo mitengo ya katundu wochokera kunja inakwera ndalama zikadali m'bokosi.

Masamu ake ndi kugawa kwina, kofanana ndi kuja tinachita pofuna mtengo wa lero, kungoti tsopano tikugawa ndi kukwera kwa mitengo.

```
r_weniweni = (1 + r) / (1 + i) - 1
```

Apa i ndi kukwera kwa mitengo pa nyengo yomweyo. Tiyerekeze kuti mitengo ikukwera ndi 30 peresenti pachaka. Pamwezi si 2.5, chifukwa mitengo nayonso imabereka, koma pafupifupi 2.2 peresenti. Bambo wa mtedza uja, wa 4.3 peresenti pamwezi, watsala ndi 1.043 kugawa ndi 1.022, pafupifupi 2 peresenti pamwezi ya phindu logulira zinthu. Wapindulabe ndithu.

Koma tengani K10,000 ya mu Januwale payokha. Yatuluka K13,000 mu Disembala. M'miyezi 11 yomweyo mitengo yachulukitsidwa ndi 1.272. Gawani 13,000 ndi 1.272, mupeza K10,220 pa mitengo ya mu Januwale. Masheya asanu amenewo akhala m'bokosi miyezi 11, akongozedwa kwa anthu angapo pa 10 peresenti, ndipo mwini wake wawonjezera K220 yokha pa zimene akanagula tsiku limene anawadinditsa. Ngati katundu amene iye akufuna, monga feteleza, wakwera kuposa mitengo ya zinthu zina, ikani kukwera kwa fetelezayo pamalo pa i, chifukwa ndi kumene ndalama yake ikupita. Thumba limene linali K100,000 mu Januwale likafika K140,000 mu Disembala, gawani 13,000 ndi 1.4, ndipo mupeza K9,286.